Kasitomala wadandaula: muyankheni lero, mupatseni tsiku

Ndimagulitsa zipangizo za sola pa Chitakale, ku Mulanje, ndipo chaka chilichonse chiperoni chikayamba, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, foni ya pashopu siikhala chete. Mitambo ikaphimba phiri masiku atatu, mapanelo satchaja mokwanira, mababu amazima anthu asanadye mgonero, ndipo aliyense amaganiza kuti tinamugulitsa batire yakufa. Ena amakhala akunena zoona, ena ayi, ndipo tsiku lomwelo palibe angadziwe. Koma ndaona kuti makasitomala amene tinawataya sitinawataye chifukwa cha batire. Tinawataya m'masiku aja amene tinakhala chete tikufufuza.

Zimene ndalemba pano ndi za yankho loyamba lokhalo, limene munthu ayenera kulilandira tsiku lomwelo wadandaula. Zitsanzo ndi za sola chifukwa ndiyo ntchito yanga, koma wogulitsa mbewu ku Luchenza kapena wokonza mafoni ku Limbuli aona kuti matenda ake ndi omwewa.

## Yankho loyamba likhale ndi chiyani

Yankho loyamba lili ngati lisiti. Silithetsa nkhani, limangosonyeza kuti nkhani yalandiridwa ndipo ili m'manja mwa munthu. Likhale ndi zinayi izi:

- Vuto lake, mutalibwereza m'mawu anu kuti adziwe kuti mwamvadi.
- Dzina la munthu amene watenga nkhaniyo.
- Chimene muchite choyamba.
- Tsiku ndi nthawi imene amve yankho lathunthu, komanso njira imene alimvere.

Ife pashopu tinagwirizana kuti uthenga wofika nthawi yantchito uyankhidwe maola awiri asanathe, ndipo wofika usiku uyankhidwe 9 koloko m'mawa isanakwane. Si lamulo la boma, ndi muyeso umene tinaona kuti tingaukwanitse ndi anthu atatu. Inu sankhani wanu, bola ukhale wodziwika kwa aliyense wa pashopupo. M'munsimu muli zizindikiro zosonyeza kuti kayankhidwe kanu kakulakwika, chilichonse ndi zifukwa zake komanso makonzedwe ake.

## Chizindikiro 1: Akuimba mobwerezabwereza, akuti simunamuyankhe

Mukudikira kuti mupeze kaye yankho lonse. Ichi ndiye chimachitika kwambiri, ndipo chimachokera mumtima wabwino. Munthu amaganiza kuti kuyankha wopanda chogwirika n'kumutayitsa nthawi kasitomala, ndiye amayamba kaye kufunsa ogulitsa ku Limbe amene amapikulako katundu. Pamene iye akufufuza, kasitomala akuona timizere tiwiri tabuluu pa WhatsApp. Kwa iye zikutanthauza kuti mwawerenga ndipo mwamunyalanyaza.

- Onani: yerekezani nthawi imene uthenga wake unafika ndi nthawi imene munayankha koyamba. Tengani madandaulo asanu omaliza.
- Konzani: yankhani musanayambe kufufuza. Kufufuza kuyambe uthenga woyamba utapita.

Uthenga unafikira pafoni ya munthu mmodzi. Makasitomala ambiri amasunga nambala ya mnyamata amene anawalumikizira sola, osati ya shopu. Mnyamatayo akakhala padenga ku Nkando, kapena wapita kumaliro kwawo masiku awiri, dandaulo limakhala m'thumba mwake.

- Onani: funsani kasitomala nambala imene anaimba kapena kulembera.
- Konzani: nambala ya shopu ilembedwe pa lisiti lililonse komanso pakapepala komatidwa pa batire. Wogwira ntchito aliyense akalandira dandaulo pafoni yake alitumize ku foni ya shopu nthawi yomweyo, iye asanayankhe n'komwe zambiri.

Dandaulo linanenedwa pakamwa ndipo silinalembedwe. Kuno anthu ambiri sadandaula polemba. Amakupeza pa depoti kapena potuluka m'tchalitchi, mulonjerana, kenako amvekere, "Achimwene, chinthu chija chikuvuta." Iwe umayankha kuti wamva, ndipo pofika Lolemba waiwala. Kwa iye, anakuuza, ndipo akuwerenga masiku kuyambira Lamulungu.

- Konzani: mupempheni akufulasheni pomwepo kuti nambala yake itsale, ndipo mukafika pashopu lembani m'buku la madandaulo, kenako mutumizireni uthenga womutsimikizira.

Munayankha, koma panjira imene iye sangaone. Izi sizichitika kawirikawiri, koma zimapweteka chifukwa inu mumakhala mukudziwa kuti munayankha. Munthu amene sola yake yafa ndiye kuti foni yakenso yatha moto. Wina alibe bandulo, wina amakhala kuseri kwa phiri kumene netiweki imagwira pamalo amodzi.

- Onani: ngati uthenga wa WhatsApp uli ndi kamzere kamodzi kokha, sunafike pafoni yake.
- Konzani: tumizaninso uthenga wamba, ndipo imbani. Pogulitsa, muzitenga nambala yachiwiri ya wachibale kapena woyandikana naye.

## Chizindikiro 2: Mwayankha msanga, koma mawa lake watulukira pashopu atakwiya

Apa vuto silikhala liwiro, limakhala mawu amene munagwiritsa ntchito.

Munalibe tsiku m'yankho lanu. "Tiona." "Tikuuzani posachedwa." "Tili nayo nkhaniyo." Mawu amenewa tonse tinawamvapo m'maofesi, ndipo tikudziwa zimene amatanthauza. Munthu akawamva amadziwa kuti akapanda kudzaima pakhomo panu palibe chichitike, ndiye amalipira kabaza ndi minibasi kudzakukumbutsani. Ndalama ya ulendoyo imawonjezera mkwiyo. Ngakhale "mawa" sakwanira, chifukwa mawa la Amalawi limatambasuka. Nenani kuti Lachitatu, 3 koloko masana isanakwane.

Simunabwereze vuto lake. Iye ananena kuti mababu akuzima 8 koloko usiku pamene kale ankafika m'bandakucha, inu mwayankha kuti mwalandira dandaulo lake lokhudza katundu. Samva kuti mwamumvetsa. Bwerezani zimene wanena, ndipo ngati mwamva molakwika akukonzani pomwepo, musanataye masiku pofufuza chinthu china.

Munayamba ndi kudziteteza. Nthawi ya chiperoni mayesero amakhala aakulu oti ungoti, "Ndi nyengoyi, Mayi, dzuwa kulibe." Mwina n'zoona. Koma ukanena usanayeze chilichonse, iye amamva kuti ukukana mlandu. Funso lomwelo likhoza kufunsidwa ngati mbali ya kufufuza: kwakhala mitambo masiku angati kwanuko, ndipo mwawonjezerapo chipangizo china chilichonse?

Anayankhidwa ndi makina. WhatsApp Business ili ndi `Away message`, imene imatumiza yokha uthenga shopu ikatsekedwa. Ndi yothandiza, koma si yankho loyamba. Ingonena nthawi imene munthu weniweni ayankhe, ndipo munthuyo ayankhedi. Ngati mumagwiritsa ntchito `Quick replies` kuti musamalembe zonse mobwereza, siyani mipata ya vuto ndi tsiku kuti muzilemba ndi manja nthawi iliyonse.

Uthenga umene timatumiza ife umamveka chonchi:

"Mwaswera bwanji, Mayi? Ndine uje wa kushopu ya sola pa Chitakale. Tamva kuti mababu anu akuzima cha m'ma 8 koloko usiku kuyambira Lachiwiri. Pepani kwambiri chifukwa cha mdima umene mukugona nawo. Nkhaniyi ndaitenga ndine. Mawa m'mawa mnyamata wathu abwera kudzatenga batire kuti tiiyeze. Ndikuimbirani Lachitatu, 3 koloko masana isanakwane, kukuuzani zimene tapeza ndi zimene tichite."

Onani kuti mawu oti pepani ali pa mdimawo, umene ndi woona ndithu. Sitinanene kuti batire ndi yoipa, chifukwa sitinadziwe.

## Chizindikiro 3: Tsiku limene munalonjeza lafika, yankho mulibe

Ili ndiye bala lalikulu, loposa kukhala chete koyamba kuja, chifukwa tsopano mwanama. Ndikhalitsapo pang'ono.

Munalonjeza tsiku la munthu wina. Chifukwa chofala kwambiri ndi ichi. Ogulitsa ku Limbe akuuzani kuti akuyankhani Lolemba, inu n'kuuza kasitomala kuti Lolemba. Lolemba likafika bwana wa kumeneko kulibe, ndipo amene akuoneka wabodza ndinu. Lonjezani chokhacho chimene chili m'manja mwanu. Simungalonjeze kuti ogulitsa avomera, koma mungalonjeze kuti muimba foni.

Munatchula tsiku musanawerenge masitepe. Munthu akakhala akukalipa pamaso panu, pakamwa pamathamangira kutchula tsiku lapafupi kuti mtima wake ukhale pansi. Musanatchule, werengani pa zala zimene ziyenera kuchitika.

Nachi chitsanzo. Mayi wina wa chakufupi ndi Nkando anaimba Lachisanu masana, mwezi wa Juni. Batire yake ya 12V, ya asidi, anali atagula miyezi inayi yapitayo, walanti ikadalipo. Ndinawerenga motere:

1. Loweruka: kukatenga batire, ndi kuona mawaya, kontolola ndi panelo kunyumba kwake.
2. Lamulungu: shopu yotseka.
3. Lolemba: kuitchaja pamagetsi mpaka itadzaza. Zimatenga pafupifupi tsiku lonse, ndipo magetsi akazima zimapitirira.
4. Usiku wa Lolemba: kuisiya ipume yosalumikizidwa. Batire ikangochoka patchaja imaonetsa nambala yokwera yonyenga, ndiye imafunika maola angapo kuti ikhazikike.
5. Lachiwiri: kuiyeza. Batire yabwino yodzaza imaonetsa cha m'ma 12.6V pa mita ikapuma. Kenako kuilumikiza ku mababu n'kuona ngati ikugwa msanga.
6. Ngati yapezeka yoipa: kuimbira ogulitsa ndi nambala yake komanso lisiti.

Zonse zikayenda bwino yankho likanapezeka Lachiwiri madzulo. Ndinawonjezera tsiku limodzi la magetsi ndi la mseu, n'kulonjeza Lachitatu. Mayiwo sanakondwe. Anati, "Masiku onsewo, mwanangu?" Ndinawafotokozera masitepe aja limodzi ndi limodzi, ndipo tinawabwereka nyale ya sola yaing'ono kuti ana aziwerengera. Munthu akamva chifukwa chake tsiku lili kutali amalilandira mosavuta kuposa momwe timaopera.

Lolemba magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye kutchaja kunatha Lachiwiri. Lachitatu m'mawa tinayeza: batire inatsika mpaka cha m'ma 10.5V itangogona usiku umodzi yosalumikizidwa, chizindikiro choti chipinda chimodzi mwa zisanu ndi chimodzi za mkati mwake chafa. Ogulitsa sanayankhe foni. Pofika 2 koloko ndinawaimbira mayiwo. Ndinawauza kuti batire tayeza ndipo ili ndi vuto lake, si mitambo ayi, si iwonso; kuti chatsala ndi kumva kwa ogulitsa ngati atisinthire kapena atibwezere ndalama; ndipo ndiimbanso Lachisanu, 12 koloko isanakwane, kaya ayankha kaya sayankha. Theka la yankho loperekedwa pa tsiku lake linatigwira dzanja. Lachinayi madzulo ogulitsa anavomera kusintha, ndipo ndinaimba nthawi yomweyo osadikira Lachisanu.

Powerenga masiku musaiwale izi: maholide monga 6 Julaye ndi 15 Okotobala, pamene ku Limbe kumakhala kotseka, masiku amsika, pamene pashopu sipachoka munthu, ndi nyengo yamvula, pamene misewu yafumbi ya m'minda ya tiyi ndi m'mphepete mwa phiri imaterera. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa milatho kuno, panali midzi imene sitikanafikako ngakhale titafuna. Nthawi ngati imeneyo lonjezani kuimba foni, osati kufika.

Palibe amene amayang'ana buku. Lonjezo likakhala m'mutu mwa munthu mmodzi limafa akatanganidwa. Gulani kope lachikuto cholimba, mujambule mizere: tsiku lodandaula, dzina ndi nambala, vuto, watenga ndani, tsiku lolonjezedwa, tsiku loyankhidwa. M'mawa uliwonse, musanatulutse katundu pakhonde, wina awerenge mokweza malonjezo a lero ndi a mawa. A mawawo ndiwo ofunika kwambiri, chifukwa nthawi yochitapo kanthu imakhala ikadalipo.

Manyazi. Mwakumbukira ndithu, koma mulibe nkhani yabwino, ndiye foni ikulemera. Mukuti mudikire mawa mwina zitheka. Ndikudziwa kulemera kwake, koma imbani nthawi isanakwane. Nenani zitatu: zimene zachitika kale, chimene chatsala, ndi tsiku latsopano. Ndipo tsiku lisunthidwe kamodzi kokha. Mukaona kuti lachiwirinso likulephereka, nkhaniyo ipite kwa mwini shopu agamule yekha, ngakhale zitatanthauza kusintha katunduyo ndi ndalama za shopu n'kumalimbana ndi ogulitsa pambuyo.

## Chizindikiro 4: Akuti munamulonjeza katundu watsopano kapena ndalama, inu simukukumbukira

Mawu otonthoza anamveka ngati chigamulo. "Musadandaule, Bambo, tikonza." "Zimenezo n'zazing'ono, zitheka." Pachikhalidwe chathu timatonthozana chonchi, ndipo si kulakwa. Koma wogula amamva kuti apatsidwa batire ina. Nenani poyera kuti Lachitatu mudzamuuza zimene mwapeza ndi zimene mwaganiza, osati kuti vuto lidzakhala litatha.

Uthenga unadzera mwa munthu wina. Agogo atuma mdzukulu, kapena wakabaza. Inu mwati "tiyeza Lachiwiri", kunyumba kwafika "akupatsani ina Lachiwiri". Lembani pakapepala, mudinde chidindo cha shopu, apite nako. Ngati mwini wake sawerenga, kapena amamasuka kwambiri m'Chilomwe, muimbireni kapena mupeze wa pashopu amene angalankhule naye bwino.

Walonjeza ndi munthu wopanda mphamvu zolonjezera. Aliyense pashopu akhale ndi chilolezo cholandira dandaulo ndi kupereka tsiku. Kusintha katundu ndi kubweza ndalama kukhale kwa munthu mmodzi wodziwika, ndipo enawo azinena momasuka kuti zimenezo amagamula ndi akuluakulu.

Mukamaliza kukambirana pafoni, tumizani uthenga waufupi wobwereza zimene mwagwirizana. Ukadzabuka mkangano, nonse muli ndi poyang'ana.

## Chizindikiro 5: Madandaulo mumawamva mochedwa, atafika kale poipa

Kawirikawiri ndi mantha. Ngati dandaulo lililonse limathera pokalipira kapena kudula malipiro a amene analumikiza, ana a pashopu amayamba kubisa n'kumayesa kukonza okha mwakachetechete. Onani m'buku: ngati mwezi wa chiperoni wadutsa mutalembedwa madandaulo awiri okha, si kuti zinthu zili bwino. Siyanitsani zinthu ziwirizi pamaso pawo: kulakwitsa polumikiza timakambirana, koma kusalemba dandaulo ndiye mlandu.

Chifukwa china chaching'ono n'choti bukulo limakhala lotsekeredwa m'dilowa ya bwana. Likhale pa kauntala.

## Pamene muyenera kusiya njirayi n'kuitana odziwa

Pali madandaulo amene salola kuti "tikuyankhani Lachitatu". Alandireni msanga ndithu, koma musawasunge m'buku kudikira tsiku.

- Batire yatupa, ikutentha kwambiri, ikununkha ngati mazira oola, kapena mawaya akufuka. Muuzeni pafoni pomwepo kuti asayatse moto kapena kusuta pafupi, atsekule mawindo, ana atuluke, ndipo asaigwire ngati ikutentha. Tumizani katswiri lero lomwe. Ngati nyumba ili ndi inveta yolumikizidwa ku mawaya a m'nyumba, apite wamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, osati mnyamata wophunzira ntchito.
- Munthu wavulala. Asidi akagwera m'maso kapena pakhungu, atsuke ndi madzi ambiri oyera kwa nthawi yaitali, kenako athamangire kuchipatala chapafupi. Za katundu mudzakamba pambuyo.
- Katundu wa m'nyumba wapsa kapena nyumba yayaka. Musavomere mlandu ndipo musaukane pafoni. Pepesani chifukwa cha ngoziyo, mupempheni asataye chilichonse, jambulani zithunzi, ndipo mwini shopu afunse loya kapena a inshuwalansi ngati alipo asanalembe yankho lathunthu.
- Mwalandira kalata ya loya, ya khothi, kapena ya bungwe la CFTC, lomwe limamva madandaulo a ogula. Apa tsiku simusankha ndinu, lili m'kalatamo. Lembani kuti mwailandira, sungani kope lake, ndipo pezani wodziwa malamulo tsikulo lisanayandikire. Buku lanu ndi mauthenga aja ndiwo adzasonyeze kuti munayankha liti ndipo munati chiyani.
- Akuti anatumiza ndalama pafoni koma kwa inu sizinafike. Musamuuze kuti adikire. Mupempheni nambala ya uthenga wotsimikizira, muone kumbali yanu pomwepo, ndipo ngati inapita ku nambala yolakwika aimbire a Airtel Money kapena a Mpamba nthawi yomweyo, ndalamayo isanatapidwe. Musamufunse nambala yake yachinsinsi, ndipo muchenjezeni kuti asauze aliyense.
- Akuopseza, kapena akuti wantchito wanu anaba m'nyumba mwake. Amene akunenedwayo asayankhe yekha. Nkhaniyo aitenge mwini shopu, ndipo ngati pali kuopsezana kapena kuba, ipite kupolisi.

Ndiponso ngati batire yamtundu umodzi yabwezedwa ndi anthu atatu kapena anayi ndi vuto lofanana, lekani kuigulitsa kaye, sonkhanitsani manambala ake, muwatumize kwa ogulitsa polemba. Kenako tsegulani buku la malisiti muimbire ena onse amene anagula mtundu womwewo, muwafunse ngati mababu awo akufika m'bandakucha.